Mmene ndinasinthira dzina pa akaunti yakubanki nditakwatiwa

Ukwati wathu unachitika Loweruka, ndipo pofika Lachitatu la sabata yachiwiri ndinali kale pa mzere kubanki, satifiketi yaukwati ili mu envulopu yakhaki. Ndinapempha maola awiri okha kuntchito, poganiza kuti ndikangoonetsa pepalalo asintha dzina pakompyuta, ine n'kubwerera. Ntchito yonse inanditengera miyezi inayi. Masiku ambiri anatayika chifukwa ndinayambira kumchira. Banki ndi malo achitatu oyenera kupitako, koma ine ndinayesa oyamba.

Mtsikana wa pa desiki yothandiza makasitomala anatenga satifiketi ija, n'kundifunira mafuno abwino, kenako anati, "Mayi, tione nawo chiphaso cha unzika." Ndinamupatsa. Anachiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuchiika pambali pa satifiketi.

"Apa pakadali dzina la bambo anu."

"Eya, n'chifukwa chake ndabwera ndi satifiketiyi," ndinatero.

"Satifiketiyi ikutiuza kuti munakwatiwa, ndiponso kuti munakwatiwa ndi ndani. Siikutiuza kuti dzina lanu ndi liti. Alipo amayi ambiri okwatiwa amene sanasinthe. Ife timalemba zimene zili pa chiphaso. Mukasinthe kaye chiphasochi, mukabwera nacho sitichedwa."

Ndinatuluka nditakwiya pang'ono, koma mu minibasi ndinaona kuti mwana wa eniakeyo sanalakwe. Palibe lamulo lokakamiza mkazi kutenga dzina la mwamuna wake. Agogo anga ku Dedza anakhala pabanja zaka zoposa makumi asanu, koma mpaka tsiku la maliro awo aliyense ankawatchula ndi mfunda wawo, monga amachitira ndi a Nabanda kapena a Naphiri. Dzina la agogo aamuna silinawakhudze n'komwe. Ndiye banki siingangoganizira yokha kuti popeza wavala mphete, dzina lasintha. Imafuna kuti boma liyambe lavomereza, ndipo boma limavomereza kudzera pa chiphaso.

Pali chifukwa chinanso chimene ndinadzamva pambuyo pake. Chiyambireni kalembera wa unzika wa 2017, mabanki anayamba kumangirira akaunti iliyonse ku chiphaso cha mwiniwake. Ambiri tikukumbukira mizere ija ya KYC, pamene ankatiuza kuti tikapereke ziphaso kuopa kuti akaunti ingatsekedwe. Malamulo olimbana ndi kuzembetsa ndalama amafuna kuti banki izidziwa bwino kasitomala wake, ndipo Banki Yaikulu imayang'anira zimenezi. Wogwira ntchito amene angalembe dzina losiyana ndi la pa chiphaso, mlandu ndi wake. Choncho kumuchonderera kapena kumukalipira n'kutaya malovu.

Ndondomeko yake ndi iyi: poyamba pepala lotsimikizira chifukwa chosinthira dzina, kachiwiri chiphaso cha unzika, kachitatu banki, ndipo pomalizira onse amene amakutumizirani ndalama. Ine ndinaphwanya ndondomekoyi kawiri.

Ndiyambe ndi satifiketi, chifukwa apa ndi pamene ndinapunthwa kwambiri. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa chikhalidwe, ngakhalenso wa anthu amene akhala limodzi nthawi yaitali mpaka anthu n'kumawadziwa ngati banja. Koma kuvomerezeka kwa ukwati ndi nkhani ina, kukhala ndi pepala loti ofesi ilandire ndi nkhani inanso. Ife tinachita chinkhoswe mu Epulo, ukwati woyera mu Ogasiti. Pa chinkhoswe panalibe pepala lililonse kupatula zithunzi za ankhoswe akupatsana nkhuku. Amene anathera pa chinkhoswe pokha, ayambe wapita ku ofesi ya DC kukafunsa mmene angalembetsere ukwati wawo kuti akhale ndi satifiketi. Zithunzi ndi umboni wa apongozi sizilowa mu faelo ya banki.

Ife pepala tinali nalo, losainidwa ndi abusa, ife awiri, ndi mboni ziwiri. Tsiku losainalo ndinali ndi maluwa kudzanja limodzi, wojambula akuti ndimwetulire, amayi a mvano akululutira. Sindinawerenge kanthu. Nditapita ku ofesi ya kalembera wa unzika kukasintha chiphaso, bambo amene anandilandira anaika chala pa dzina langa loyamba.

"Mayi, uyu ndi inu?"

Dzina langa lili ndi chilembo cha l pakati. Mlembi wa kutchalitchi analemba r. Tonse tikudziwa mmene zilembo ziwirizi zimatisokonezera pakamwa, ndipo kwathu ngakhale amayi anga amalitchula ndi r. Komanso dzina langa lapakati, limene lili pa chiphaso, pa satifiketi panalibe. Kwa ine zinali zazing'ono. Kwa bambo aja, mapepala awiriwa ankanena za anthu awiri, ndipo anandifotokozera mofatsa kuti sangasinthe mbiri ya munthu potengera pepala limene silikugwirizana ndi zimene zili m'kaundula.

Njira zinalipo ziwiri. Yoyamba, kubwerera kumene satifiketi inalembedwa kuti akakonze, asaine pamene akonzapo ndi kudinda chidindo. Yachiwiri, kukalumbira kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Pepala lolumbiriralo amalitcha afidaviti, ndipo limasainidwa pamaso pa munthu wololedwa kulumbiritsa anthu, monga majisitireti kapena loya amene ali ndi chilolezo chimenecho. Ine ndinachita zonse ziwiri, chifukwa ndinali nditatopa ndi kubwezedwa. Abusa anakonza m'buku lawo ndi pa satifiketi, n'kundilembera kakalata. Kenako ndinapita kwa loya wina m'tauni, amene anandilembera ndime zinayi zokha: kuti ndine wakutiwakuti, nambala ya chiphaso changa ndi yakuti, dzina lolembedwa ndi r pa satifiketi ya tsiku lakuti ndi langa lomwe, ndipo kuyambira tsopano ndikufuna kudziwika ndi dzina lakuti. Ndinasaina iye akuona. Musasainiretu kunyumba, amakubwezani, chifukwa chimene iye akuchitira umboni ndi chakuti wakuonani mukusaina.

Chimodzi chokha musachite: kukonza nokha ndi bolopeni. Mlamu wanga anandiuza kuti, "Aaa, r ameneyo ingomutalikitsani mutu akhala l." Zikanatheka ndithu, koma pepala lofufutidwa popanda siginecha ndi chidindo cha amene analilemba limaoneka ngati lachinyengo, ndipo ukayamba kukayikiridwa chilichonse chimene wanyamula chimafufuzidwa kawiri.

Ulendo wachiwiri ku kalembera zinayenda bwino. Ndinadzaza fomu yosinthira zinthu pa chiphaso, ndinapereka mafotokope a satifiketi, afidaviti ndi chiphaso cha amuna anga, n'kuonetsa zenizeni zake. Ndinalipira ndalama imene ananena ndipo anandipatsa lisiti. Apa mufunse ndithu mtengo wa nthawiyo, chifukwa mitengo ya boma imasintha. Pa fomuyo ndi pamene muyenera kuganiza mozama za dzina limene mukufuna. Mutha kusiya la bambo anu n'kutenga la amuna anu, kapena kusunga onse awiri motsatizana. Ine ndinasunga onse awiri, popeza satifiketi yanga ya Fomu 4 ndi dipuloma zili m'dzina la bambo anga, ndipo sindinafune kuti pofunsira ntchito ndizichita kulongosola kuti mwini mapepalawa ndine. Koma dziwani kuti mmene mwalembera pamenepo, kaya mwaika kamzere pakati pa mayina awiriwo kaya ayi, ndi mmene muzilembera kwina konse. Nambala ya chiphaso sinasinthe, ndipo imeneyi ndi imene inandithandiza pambuyo pake kutsimikizira anthu kuti ndine yemwe uja.

Kudikira chiphaso chatsopano ndi nthawi yofunika kukhala phee. Ine sindinakhale phee, ndipo apa ndi pamene ndinaphwanya ndondomeko kachiwiri.

Kuntchito, mayi amene amaona za ogwira ntchito anali pa ukwati wathu, anavina nawo pelekanipelekani. Atandiona anati, "Tsopano tikulembeni Mayi ndani?" Ndinawauza dzina latsopano mosangalala, iwo n'kusintha pa mndandanda wa malipiro. Kampani yathu imasunga ndalama ku banki ina, ine akaunti yanga ili ku ina. Pa 27 anzanga onse mafoni awo analira. Yanga zii. Pa 28 zii. Pa 29 ndinapita kwa akauntanti, amene anandionetsa kuti ndalama zinatuluka pamodzi ndi za anzanga. Patapita masiku ena zinabwerera ku akaunti ya kampani, ndi mawu akuti dzina silikugwirizana ndi nambala ya akaunti. Atabwezeretsa dzina lakale pa mndandanda uja, malipiro a mwezi umenewo ndinalandira pa 6 mwezi wotsatira, lendi itadutsa, alandilodi atandiimbira kawiri. Pa ngongole yaing'ono imene banki inkadula mwezi ndi mwezi, tsiku lodula linafika mu akaunti mulibe kanthu, ndipo anandilipiritsa chindapusa.

Sikuti nthawi zonse ndalama zimabwerera. Mnzanga wina malipiro ake anapitirira kulowa miyezi ingapo dzina lili losiyana, chifukwa nthawi zina makina amangoyang'ana nambala. Koma simungadziwiretu kuti zanu zigwera mbali iti. Chizindikiro chake ndi chimene ndanenachi: wotumiza akuti zatuluka, inu simukuziona. Zikatero musadikire sabata. Pemphani wotumiza akupatseni umboni wa kutumizako, muone dzina limene analemba, ndipo ngati lasiyana ndi la pa akaunti, muuzeni akonze n'kutumizanso zikangobwerera.

Mwezi womwewo achimwene anga a ku Joni ananditumizira ndalama yoti ndithandizire. Iwonso, mwa chikondi, analemba dzina la ukwati. Pa kawindo ka otumiza ndalama, mnyamata anayang'ana pa kompyuta, n'kuyang'ana chiphaso changa chakale, n'kupukusa mutu. Satifiketi yaukwati sanafune n'kuiona komwe. Zinatengera achimwene kuimba foni kumene anatumizira kuja kuti akonze dzina, ndipo anadandaula kuti ataya theka la tsiku la ganyu. Ndiye abale akunja auzeni momveka: mpaka mutawauza kuti chiphaso chatuluka, azilemba dzina lakale, chilembo ndi chilembo.

Chiphaso chitatuluka ndinayamba ndaimbira banki kufunsa zoti ndinyamule, ndipo ndinalemba pa kapepala. Mabanki amasiyana pa tinthu ting'onoting'ono, choncho foni imodzi imapulumutsa ulendo. Ine anandiuza kuti ndibwere ndi chiphaso chatsopano, satifiketi yaukwati, afidaviti ija popeza inalipo, kalata yopempha kusintha dzina, zithunzi ziwiri zazing'ono za pasipoti, umboni wa kumene ndikukhala, ndi khadi la ATM. Pepala lililonse ndinapita nalo lenileni pamodzi ndi fotokope yake. Iwo amayerekeza ziwirizo, n'kudinda pa fotokope kuti aona chenicheni, chenichenicho n'kukubwezerani. Musalole kusiya satifiketi yeniyeni kwa wina aliyense. Chiphaso mujambulitse mbali zonse ziwiri. Ndipo ngati muli ndi fotokope ya chiphaso chakale, isungeni ngati golide, chifukwa ndi mlatho pakati pa dzina limene banki ikulidziwa ndi limene mwabwera nalo. Ine ndinachita mwayi kuti ndinali nditachijambula pa foni.

Kalata yopempha si yofuna Chingerezi chapamwamba. Yanga inali ya mizere isanu ndi umodzi, yopita kwa manijala wa nthambi. Ndinalemba nambala ya akaunti, dzina lakale monga lilili pa sitetimenti, dzina latsopano monga lilili pa chiphaso, chifukwa chake, ndi mapepala amene ndaphatikiza. Mtsikana uja, yemwe uja wa tsiku loyamba, anandiuza kuti ndisaine ndi siginecha yakale, chifukwa ndi imene ili m'makina mwawo. Ukasaina kalatayo ndi siginecha yatsopano, kwa iwo ndi mlendo amene akupempha kusintha akaunti ya munthu wina.

Nkhani ya siginecha ndiyofunika kuimvetsa. Kusintha dzina sikukukakamizani kusintha siginecha. Siginecha ndi chizindikiro chanu basi, sikuti iyenera kuwerengeka ngati dzina. Ine ndinkafuna kusintha chifukwa cha chimwemwe cha ukwati, moti ndinadzaza masamba awiri a kope kuyeserera. Anandipatsa khadi losainapo zitsanzo, ndinasaina katatu, ndipo zitatuzo zinatuluka zosafanana. Mtsikanayo anaseka n'kunena kuti, "Mayi, dzanja lanu silinakwatiwe. Bwanji musunge yakale?" Ndinamvera. Amene asintha, adziwe kuti kuyambira tsiku limenelo slipi iliyonse yotapira ndalama pa kauntala idzayerekezedwa ndi yatsopanoyo, ndipo dzanja likabwerera ku chizolowezi, telala adzakubwezani.

Umboni wa kumene ndikukhala unandivutanso pang'ono. Nditakwatiwa ndinasamuka, ndipo bilu yamadzi ya nyumba yatsopano ili m'dzina la alandilodi. Anandilola kupereka biluyo pamodzi ndi fotokope ya mgwirizano wa lendi, umene uli m'dzina la amuna anga, satifiketi yaukwati n'kulumikiza zonsezo. Anandipatsanso fomu ya KYC kuti ndidzaze mwatsopano, ndi malo ojambulapo mapu a kunyumba. Ndinajambula msewu, chigayo, mpope wa madzi, ndi geti lathu lofiira. Amene amakhala kumudzi, kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo ndi imene kawirikawiri imagwira ntchito imeneyi. Pa fomu yomweyo pali malo a wachibale woti adziwitsidwe zinthu zikavuta. Pa fomu yakale panali dzina la malemu bambo anga, amene anatisiya zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo sindinkakumbuka n'komwe. Ndinakhala kaye chete ndisanalembepo dzina lina.

Ndinafunsa funso limene linkandidetsa nkhawa: kodi nambala ya akaunti isintha? Ayi. Akaunti ndi yomweyo, ndalama ndi zomwezo, mbiri yake ndi yomweyo, ngongole nayo ndi yomweyo. Chimasintha ndi dzina lokha pamwamba pake. Wina akakuuzani kuti n'kwapafupi kungotseka n'kutsegula ina, ganizani kawiri. Mbiri ya zaka zambiri ya mmene ndalama zimalowera ndi kutuluka ndi imene amayang'ana mukafuna ngongole, ndiponso ofesi za kazembe zimaifuna mukamapempha viza. Komanso mungachite kuuza aliyense nambala yatsopano.

Ndisanachoke ndinapempha kuti adinde chidindo cha tsikulo pa fotokope ya kalata yanga. Ichi chinandithandiza. Patatha sabata ndi theka, dzina pa foni linali lakale lomwe. Nditabwerera ndinapeza munthu wina pa desikiyo, amene sankadziwa kanthu za nkhani yanga. Nditatulutsa kalata yodindidwa ija anakafufuza, n'kupeza kuti faelo inali pa tebulo la wina amene anayenera kuvomereza koma anali ku tchuthi. Pa zinthu ngati izi wolemba m'makina ndi wina, wovomereza ndi wina, dala kuti munthu mmodzi asamasinthe yekha akaunti za anthu. Tsiku lotsatira zinatheka.

Mungadziwe bwanji kuti zasinthadi? Musadalire mawu apakamwa. Ine ndinapempha sitetimenti ya tsamba limodzi n'kuwerenga dzina chilembo ndi chilembo. Kenako ndinauza amuna anga kuti anditumizire K1,000 kuchokera pa foni yawo, kuti tione dzina limene lituluke asanatsimikize. Linatuluka latsopano. Apo m'pamene ndinapita kwa akauntanti wa kuntchito ndi sitetimenti ija kuti tsopano asinthe pa mndandanda wa malipiro. Ndinasankha kuchita zimenezi kumayambiriro kwa mwezi, malipiro atangolowa, kuti pakhale masabata atatu okonzera chilichonse chimene chingasokonekere.

Khadi la ATM ndi nkhani yapayokha. Lakale limapitirira kugwira ntchito, chifukwa makina amawerenga nambala ndi PIN, osati dzina losindikizidwa pamwamba. Ngati khadi lanu ndi lija lopanda dzina, palibe chosintha. Langa linali ndi dzina, ndiye ndinaitanitsa latsopano ndipo anandidula ndalama ya khadi. Ndinawapempha kuti asatseke lakale mpaka latsopano litafika, apo ayi ndikanakhala masiku angapo wopanda potapira. Amene amalipira zinthu pa intaneti ndi khadi akumbukire kuti latsopano limabwera ndi nambala zina, ndiye kulikonse kumene anasungitsa lakale ayenera kukalowetsanso.

Panali cheke chimodzi cha mphatso yaukwati, chochokera kwa azakhali a amuna anga, cholembedwa "Mr and Mrs" ndi dzina la banja. Chimenechi sichikanalowa mu akaunti yanga, kaya ndi dzina lakale kaya latsopano, ngakhalenso mu ya amuna anga okha, chifukwa chinali cha anthu awiri ndipo tinalibe akaunti ya tonse awiri. Cheke chinkatha mphamvu pakapita miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ife miyezi inali ikuthamanga. Mapeto ake amuna anga anapita kwa azakhaliwo mwamanyazi kukapempha kuti alembe china m'dzina la munthu mmodzi. Anatiseka, koma analemba.

Kenako panali za pa foni. Nambala zathu zinalembetsedwa ndi ziphaso, ndipo Airtel Money kapena Mpamba zimaonetsa dzina limene munalembetsera. Kusintha kubanki sikusintha kumeneko. Ndinapita ku shopu yawo yaikulu ndi chiphaso, osati kwa ejenti wa pa msika, ndipo sizinatenge nthawi. N'zofunika makamaka kwa amene amagulitsa malonda, chifukwa kasitomala akaona dzina limene sakuliyembekezera amaleka kutumiza, poopa akuba a pa foni aja.

Ndine msungichuma wa gulu la amayi kumpingo, ndipo ndimasainira nawo akaunti ya gululo. Ndinkayesa kuti popeza ili ku banki yomweyo, zisintha zokha. Ayi ndithu. Akaunti ya gulu ili ndi faelo yake, ndipo anafuna kalata yosainidwa ndi wapampando ndi mlembi yonena kuti msungichuma wawo tsopano akudziwika ndi dzina lakuti, pamodzi ndi fotokope ya chiphaso. Chimodzimodzi akaunti ya mwana kapena ya bizinesi: afunseni akuuzeni akaunti zonse zimene dzina lanu likupezekapo, muzithane nazo tsiku limodzi.

Zonse ndanenazi ndi za mkazi amene watenga dzina la mwamuna wake, ndipo imeneyi ndi njira yaifupi. Amene akusintha dzina pa zifukwa zina, ulendo wake ndi wautali. Msuweni wanga anabwereza Sitandade 8 pogwiritsa ntchito dzina la amalume ake, monga ankachitira ambiri masiku amenewo, ndipo dzinalo linamukakamira pa masatifiketi, pa chiphaso ndi pa akaunti. Atakula anafuna kubwerera ku dzina la bambo ake kuti lifanane ndi la ana ake. Anayamba ndi afidaviti poganiza kuti ikwanira, koma anauzidwa kuti afidaviti imangothandiza pamene mayina asiyana kalembedwe, siipatsa munthu dzina latsopano. Kuno kwathu kuli lamulo loletsa kungosintha dzina popanda chilolezo cha boma. Iye anayambira kwa DC, anadzaza mafomu ofotokoza chifukwa chake, analengeza m'nyuzipepala kuti amene ali ndi chotsutsa anene, ndipo anadikira chilolezo chochokera ku ofesi ya mtsogoleri wa dziko ndi nduna zake. Zidziwitso zimene mumaziona m'masamba akumapeto a nyuzipepala zija, za anthu ofuna kusintha mayina, ndi zimenezi. Chilolezo chitatuluka anapita nacho ku kalembera, kenako kubanki, ndipo kuyambira pamenepo njira yake inafanana ndi yanga. Kubanki anapereka chilolezocho m'malo mwa satifiketi yaukwati, ndipo anasunganso tsamba lonse la nyuzipepala, osati kachidutswa kongodula, kuti tsiku ndi dzina la nyuzipepala zizioneka.

Mayi amene banja latha ndipo akufuna kubwerera ku dzina la makolo ake, pepala lake ndi chigamulo cha khoti chothetsa ukwati. Kungosiyana kwa pa ankhoswe sikusiya pepala, ndipo ndikudziwa mayi wina kuntchito amene akulandirabe malipiro m'dzina la mwamuna amene anasiyana naye kalekale, chifukwa nkhani yawo sinafike ku khoti. Zimenezi n'zimene zimandichititsa kuuza atsikana amene akukonzekera ukwati kuti asathamangire. Ngati muli ndi pasipoti imene ikadali ndi zaka zambiri, kapena ulendo wakunja uli pafupi, dikirani kaye. Tikiti ya ndege, viza, pasipoti ndi sitetimenti ya banki zimayenera kunena dzina limodzi, ndipo pasipoti yatsopano si yotchipa. Kukhala ndi dzina lakale pa mapepala onse kulibe vuto lililonse. Vuto limabwera pamene theka la mapepala likunena china, theka lina china. Kutchalitchi ndi kumudzi akhoza kumakuitanani Mayi Uje mmene angafunire, banki sizikuikhudza.

Apongozi anga aakazi anandifunsa tsiku lina kuti, "Nanga mwana wanga, zija za dzina zinatha?" Ndinati zatha, amayi. Madzulo ake ndikusanja envulopu yakhaki ija, imene tsopano yatupa ngati buku la nyimbo, ndinapeza sitetimenti ya penshoni. Dzina lakale, ndipo pa olandira ndalama ndikadzamwalira pali mng'ono wanga yekha. Ya inshuwalansi ya maliro chimodzimodzi. Ndajambulitsa mafotokope ena anayi a chiphaso ndi satifiketi, ndipo ndapempha kale Lachisanu masana kuntchito.